Kalata yathu yachiwiri kwa ogulitsa ERP inayambira pa sikelo

Kalata yoyamba ndinailemba ndekha usiku umodzi, ndipo inakwana tsamba limodzi ndi theka. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a mpunga m'boma la Nkhotakota, ndipo bodi inali itandituma kuti ndilembere makampani ogulitsa ERP atipatse mitengo. ERP ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imasunga pamalo amodzi zonse zimene ife tinkazimwaza m'mabuku asanu ndi limodzi: ndalama, katundu wa m'nkhokwe, zogula, zogulitsa ndi malipiro. M'kalatamo ndinangondandalika kuti tikufuna za akaunti, za sitoko, zogula, zogulitsa, za malipiro a antchito ndi malipoti. Pomaliza ndinapempha mtengo.

Makampani asanu anayankha, ndipo onse anati inde pa chilichonse. Wotchipa kwambiri ndi wodula kwambiri anasiyana mtengo pafupifupi kasanu ndi kawiri. Wina anatchula mtengo m'madola, wina m'makwacha, wina pa munthu aliyense pamwezi, wina sanawerengere maphunziro a antchito. Tinayala mapepalawo patebulo, a Tcheya n'kuvala magalasi, kuwerenga, kuvula magalasi.

"A Mlembi, apa tisankha bwanji? Onsewa akuti angathe."

Ndinasowa chonena. Vuto silinali la makampaniwo. Funso limene ndinawafunsa linali loti aliyense wogulitsa pulogalamu ya bizinesi angayankhe kuti inde popanda kunama. Pulogalamu ya Odoo ili ndi gawo la sitoko, ya ERPNext ili nalo, ya Sage ili nalo. Chimene sindinalembe ndi chimene chimatisiyanitsa ife ndi golosale ya m'tauni.

Ku kampani wamba, wogulitsa katundu ndi munthu wina, kasitomala ndi wina, mwini masheya ndi winanso, ndipo mapulogalamu ambiri anamangidwa motero: aliyense ali ndi kaundula wake. Kwa ife munthu mmodzi yemweyo ndi zonsezi pamodzi. Mayi amene ali ndi masheya m'kopaletivi ndi amenenso anatenga feteleza ndi mbewu pangongole mu Disembala, ndi amene adzatigulitse mpunga mu Juni, ndipo pakutha pa chaka adzalandira bonasi molingana ndi makilogalamu amene anabweretsa. Pamsonkhano waukulu ali ndi voti imodzi, kaya masheya ake ndi ochuluka kapena ochepa. Pulogalamu ikamulemba m'malo anayi osalumikizana, kalaliki adzamulipira ndalama zonse za mpunga osaona ngongole ya feteleza. Izi n'zimene zinkatichitikira kale ndi mabuku, ndipo tikanangozisamutsira m'kompyuta pamtengo wa mamiliyoni.

Choncho kalata yachiwiri sindinailembere muofesi. Ndinatenga kope n'kukakhala masiku atatu pa dipo yathu yakutali kwambiri, pambali pa sikelo, kulemba chilichonse chimene chimachitikira thumba kuchokera pamene latsika panjinga. Ndinaona kalaliki akubaya thumba, kutapa mpunga wodzaza dzanja, kuuthira m'kamakina koyezera chinyezi. Ndinaona akulemba kulemera m'buku la marisiti la mapepala atatu, loyera la mlimi, lachikasu la ku ofesi, lotsala m'buku. Ndinaonanso chinthu chimene palibe anandiuzapo: akafuna kudziwa ngongole ya mlimi, amakwera pachulu kuseri kwa shedi kukasaka netiweki kuti aimbire msungichuma. Netiweki ikavuta, amangofunsa mlimiyo.

"Mayi, munatenga zingati paja?"

"Thumba limodzi basi, achimwene."

Mwina n'zoona, mwina anaiwala theka lina lija. Kalalikiyo analibe njira yodziwira.

Masamba awiri oyamba a kalata yatsopano anafotokoza za ife m'manambala: mamembala 1,140, madipo anayi ogulirako mpunga, chigayo chimodzi, nkhokwe ziwiri, anthu 14 amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo, mwa iwo asanu ndi mmodzi a nyengo yogula yokha. Nambala yomalizayi ndi yofunika chifukwa makampani ambiri amalipiritsa laisensi pa munthu aliyense, ndipo kalaliki wogwira miyezi itatu sitingamulipirire miyezi khumi ndi iwiri popanda kufunsa. Tinalembanso kuti pa tsiku lotanganidwa dipo imodzi imalemba marisiti pafupifupi 90, kuti madipo awiri alibe magetsi ndipo amadalira sola, ndi kuti pa dipo ya pachulu ija netiweki imatha kusowa tsiku lonse. Ena m'bodi sanakondwe nazo. Ankaona ngati tikudzionetsa umphawi. Ine ndinaumirira, chifukwa kampani yosadziwa za chulucho idzatipatsa mtengo wa pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse, ndipo tidzazindikira mu Juni mzere wa alimi utafika kumsewu.

Mtima wa kalatayo unali nkhani ya membala mmodzi. Sitinatchule dzina, tinangoti membala 0417, ndipo manambala tinawazunguliza kuti aliyense athe kuwerengera pamanja. Mayiyu wabweretsa matumba 12 a mpunga wosapuntha wa Kilombero, olemera makilogalamu 600. Kamakina kaonetsa chinyezi cha 16 pa 100, pamene ife timagula pa muyezo wa 14 pa 100, chifukwa mpunga wonyowa kuposa pamenepo umaonongeka m'nkhokwe ndipo umapepuka ukamauma. Lamulo lathu lochotsera chinyezi tinalilemba ndendende:

```
600 × (100 − 16) ÷ (100 − 14) = 586
```

Pa mtengo wa K1,000 pa kilogalamu, mpungawo ndi wa K586,000. Mayiyu ali ndi ngongole ya zipangizo za ulimi ya K180,000, ndipo anavomera kuwonjezera masheya a K20,000. Ayenera kulandira K386,000, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ngati ali ndi foni, kapena pamanja ngati alibe. Risiti yake ionetse manambala onsewa m'Chichewa. Makilogalamu 586 alowe m'sitoko ya dipoyo nthawi yomweyo, ngongole yake itsike kufika pa ziro, masheya ake akwere, ndipo makilogalamu omwewo asungidwe pa dzina lake kudikira bonasi. Msonkhano waukulu ukadzagwirizana K50 pa kilogalamu, iye adzalandire K29,300 popanda munthu kuwerengera pa kakyuleta. Zonsezi zichitike netiweki kulibe, ndipo zikalowe m'mabuku a ku ofesi ikabwera, osalembedwa kawiri.

Tinawonjezera kamsampha kamodzi kochokera m'malamulo athu enieni: pa kugulitsa kumodzi sitidula ngongole yoposa theka la mtengo wa mpunga, kuti mlimi asabwerere kunyumba chimanjamanja n'kuyamba kugulitsa kwa mavenda. Tinafunsa kuti pulogalamuyo itani mayi yemweyo akanakhala ndi ngongole ya K400,000. Yankho lolondola ndi kudula K293,000 ndi kusiya K107,000 kudikira ulendo wina.

Kenako tinalitsatira thumbalo kufika kuchigayo. Apa ndi pamene mpunga umasiya kukhala chinthu chimodzi. Pachigayo chathu makilogalamu 1,000 osapuntha amatulutsa pafupifupi 640 a mpunga woyera, wina wathunthu wina wosweka, ndipo zotsalazo ndi madeya ndi mankhusu. Wathunthu, wosweka ndi madeya zonse timagulitsa pa mitengo yosiyana. Tinkafuna pulogalamu yolemba zimenezi pa gulu lililonse lopunthidwa, ndi kutichenjeza mpunga woyera ukatsika pansi pa 60 pa 100. Ukatsika chonchi, mwina mpunga unauma mopitirira n'kusweka kwambiri mpaka kupita ndi madeya, mwina makina akufuna kukonza, mwina matumba ena anatuluka pakhomo la kuseri. Ndi mabuku tinkazindikira odita atabwera, miyezi isanu ndi itatu itapita.

Zofuna zina ndinazilemba mwachidule: malipiro a antchito ndi msonkho wa PAYE wodulidwa pa malipirowo, malipoti a msonkho opita ku MRA, malipoti a pachaka amene odita ndi ofesi ya mkulu wolembetsa makopaletivi amafuna pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998. Izi mapulogalamu ambiri amazitha, ndipo sizinafune masamba.

Chimene chinasintha mayankho kotheratu ndi chakuti tinaletsa mawu oti inde. Pa chosowa chilichonse, kampani inayenera kusankha chilembo chimodzi. A kutanthauza kuti chilipo kale ndipo tingachione lero. B kuti chilipo koma chikufuna kuchunidwa popanda kulemba pulogalamu yatsopano. C kuti chiyenera kulembedwa mwapadera, ndipo apa tinkafuna masiku ndi mtengo pambali pake. D kuti sichingatheke. Tinalemba kuti A aliyense tidzamuyesa pachionetsero, ndipo akapezeka kuti ndi C, mfundo za chosowacho zidzapita zonse.

Inde uja anasweka. Kampani ina imene poyamba inavomera chilichonse inabwera ndi ma C khumi ndi anayi, onse pa nkhani ya membala. Sindinaidandaule konse, ndinailemekeza chifukwa inanena zoona. Koma C si nkhani ya ndalama za lero zokha. Chinthu cholembedwa mwapadera chimakhala cha inu nokha, ndipo pulogalamu yaikulu ikasinthidwa kupita ku mtundu watsopano, chigambacho chimatha kuleka kugwira, n'kufunika kulipiranso munthu wochisoka. Choncho tinafunsanso m'kalatamo kuti zolembedwa mwapaderazo mwini wake adzakhala ndani, ndipo adzalipira ndani pozisamutsa.

Za kagawidwe ka mfundo tinakangana masana onse, ndipo ndikuthokoza kuti tinakangana kalata isanatuluke. Mkangano womwewo ukabwera maenvulopu atatsegulidwa, aliyense amakokera mfundo kumene kuli kampani imene waikonda. Tinagwirizana mfundo 100, ndipo tinazisindikiza m'kalatamo kuti makampani adziwiretu. Mayankho olembedwa a A, B, C ndi D anatenga 25. Chionetsero chinatenganso 25. Maphunziro ndi thandizo la pambuyo pa kugula 15, umboni wa makasitomala ena 10, njira yotulukira tikadzafuna kuchoka 5. Zonsezi ndi 80, ndipo mtengo unatsala ndi 20.

A Msungichuma sanagone nazo.

"Ndalama ndi za alimi izi, a Mlembi. Mtengo 20 yokha? Tikawauza chiyani pamsonkhano?"

Funso lawo linali loyenera. Ndinawakumbutsa za sikelo yotchipa imene tinagula zaka zapitazo, imene inkasiyana ndi inzake makilogalamu awiri pa thumba, mpaka alimi anatitcha akuba. Pomaliza tinamvana kuti mtengo ukhale 20, koma uwerengedwe wa zaka zisanu, ndi kuti ubwere mu envulopu yakeyake yomata. Envulopu ya mtengo inayenera kutsegulidwa pokhapokha kampani itapeza mfundo 56 mwa 80 za luso. Munthu akaona kale mtengo wotsika, maso ake amayamba kukhululukira zofooka zina zonse.

Panalinso zinthu zinayi zopanda mfundo, zongoti ulipo kapena watuluka: satifiketi yolembetsera kampani, chikalata cha MRA chosonyeza kuti misonkho ili bwino, kugwira ntchito popanda netiweki pa dipo, ndi lonjezo lolembedwa loti zonse zimene tidzalowetse m'pulogalamumo ndi zathu ndipo tingazitulutse tsiku lililonse m'mafayilo a CSV kapena Excel osalipira. Chomalizachi chimaoneka chaching'ono mukamalowa. Kulemera kwake kumadziwika tsiku limene mwasemphana ndi kampani, iyo itagwira kaundula wa mamembala anu onse ndi ngongole zawo.

Mtengo wa zaka zisanu tinaupangira tebulo lathu, kuti aliyense adzaze mizere yofanana: laisensi, kuika ndi kuchuna, zolembedwa mwapadera, kusamutsa za m'mabuku akale, maphunziro, malo osungira pa seva, thandizo la chaka ndi chaka, matabuleti ndi timakina tosindikiza marisiti, ndiponso mayendedwe ndi malo ogona a akatswiri akabwera kuno kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pa mzere uliwonse tinafunsa ngati mtengowo ndi wa kwacha kapena wamangiriridwa ku dola. Tinali ndi chifukwa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Laisensi ya madola 4,000 pachaka imene inali pa kotesheni imodzi ya ulendo woyamba inachoka pa K4.7 miliyoni kufika pa K6.8 miliyoni usiku umodzi, pamene mpunga timagulitsa m'makwacha.

Kalatayo inapita kwa makampani asanu ndi awiri tsiku limodzi. Tinawapatsa masiku 10 ofunsa mafunso ndi masiku 28 obweretsa mayankho. Funso lililonse linayenera kubwera polemba, ndipo yankho lake tinkatumiza kwa onse osatchula wofunsa. Mamembala a komiti yoweruza anasaina kuti alibe chibale kapena phindu ku kampani iliyonse. Bambo mmodzi anadzichotsa yekha chifukwa mphwake amagwira ntchito ku imodzi mwa izo, ndipo anachita bwino.

Anayankha anayi. Mmodzi anagwa pa zinayi zija, chifukwa pulogalamu yake sinkatha kulemba risiti popanda intaneti. Atatu tinawaitana ku chionetsero, ndipo sitinawalole kuchitira mu holo ya hotelo. Tinawatengera pa dipo ya pachulu, aliyense tsiku lake, ndipo amene anagwira tabuleti sanali katswiri wawo koma kalaliki wathu, mnyamata wa Fomu 4, ataphunzitsidwa ola limodzi.

Kampani yoyamba inadutsa bwino pa membala 0417 mpaka pa ngongole ya K400,000, pamene inadula yonse n'kusiyira mayiyo K166,000. Katswiri wawo anavomereza pomwepo kuti malire a theka aja sanawachune, anatsegula laputopu, ndipo patatha mphindi makumi awiri zinatheka. Anali atalemba B, ndipo analidi B. Yachiwiri inatha zonse koma risiti inatuluka m'Chingerezi, ndipo zilembo zinali zazing'ono moti mayi wina amene anaima pafupi anaitembenuza kawiri n'kuibweza. Yachitatu, imene pa kalata yoyamba ija inali yotchipa kuposa onse, inalemba risiti netiweki kulibe, koma titapita pachulu n'kulumikiza, makilogalamu 586 analowa kawiri. Sitoko inaonetsa 1,172. Tinabwereza, zinachitikanso. Pa chosowa chimenechi anali atalemba A.

Makasitomala awo sitinadalire makalata oyamikira amene anamata kumapeto kwa mayankho. Tinapempha manambala a foni a anthu amene amagwiritsadi ntchito pulogalamuyo, ndipo ndinafunsa mafunso atatu okha: ntchito inachedwa miyezi ingati kuyerekeza ndi lonjezo, munalipira zingati pamwamba pa kotesheni, ndipo zikavuta Loweruka nthawi yogula mbewu amayankha pakapita maola angati. Mayi wina wa akaunti ku kopaletivi ya mkaka anandiuza zambiri m'mphindi khumi kuposa masamba makumi anayi a kampaniyo.

Aliyense wa komiti anapereka mfundo payekha tisanakambirane. Yoyamba inapeza 69, yachiwiri 66, yachitatu 51. Envulopu ya yachitatu inabwezedwa yomata. Titatsegula ziwiri zinazo, yachiwiri inaoneka yotchipa: K18 miliyoni poyamba, pamene yoyamba inkafuna K31 miliyoni. Koma yachiwiri inali ndi laisensi ya madola ija, K6.8 miliyoni chaka chilichonse, ndipo pa zaka zisanu zonse zinafika K52 miliyoni, dola ikapanda kukweranso. Yoyamba inamanga pa pulogalamu yopanda laisensi yolipira, ndipo inkafuna K3 miliyoni pachaka za thandizo ndi seva, zonse pamodzi K46 miliyoni. Mfundo za mtengo tinawerengera monga tinalonjezera m'kalata:

```
46 ÷ 46 × 20 = 20
46 ÷ 52 × 20 = 17.7
```

Yoyamba inatha ndi 89, yachiwiri 83.7.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachilemba mopepuka m'kalatamo ndipo chinatipweteka. Pa kusamutsa za m'mabuku akale ndinangoti kampani idzasamutsa kaundula wa mamembala. Sindinanene kuti woyeretsa kaundulayo ndani. Titayamba, tinapeza mayi mmodzi atalembedwa katatu: ndi dzina la bambo ake, ndi dzina la mwamuna wake, ndiponso ndi dzina la mfunda loyamba ndi Na. Ngongole inali pa dzina lina, masheya pa lina. Ena anamwalira kale koma ana awo ankagulitsabe pa nambala yawo. Kampani inati ntchito yake ndi kulowetsa zimene tapereka, ndipo malinga ndi kalata yathu inkanena zoona. Tinatha milungu isanu ndi umodzi tikuyenda m'makalabu, kufananiza dzina lililonse ndi chiphaso cha unzika, ndipo mamembala 1,140 aja anatsika kufika pa 1,087. Amene akulemba kalata yotere alembe momveka kuti woyeretsa ndani, wolowetsa ndani, ndi kuti ndalama zotsala pa akaunti ya membala aliyense adzasainira ndani kuti n'zolondola.

Kalipiridwe kokha ndi kamene kanatiteteza pa kuchedwako, chifukwa tinakalemba m'kalata kuyambira pachiyambi: 20 pa 100 posaina, 30 pa 100 nkhani ya membala 0417 ikadutsa pa madipo onse anayi ndi makalaliki athu, 30 pa 100 poyamba ntchito yeniyeni, ndipo 20 pa 100 yomaliza titatseka mwezi wathunthu wa nyengo yogula, mabuku a pamanja ndi pulogalamu zikugwirizana. Tinalembanso kuti ngati sizinakonzeke pofika kumapeto kwa Epulo, sitiyamba mpaka kugula kutatha, chifukwa kalaliki sangaphunzire tabuleti alimi makumi asanu atakhala pa matumba awo akumuyang'ana.

Mwezi wotsekera uja, dipo ya pachulu inasiyana ndi buku lake makilogalamu 43. Tinafufuza masiku awiri, risiti ndi risiti, ndipo tinapeza kuti pa risiti zitatu za tsiku limodzi la mitambo kalaliki anaiwala kuchotsa chinyezi m'buku la pamanja. Titakonza bukulo, a Msungichuma anasaina cheke cha 20 pa 100 yomaliza.